Amayi ndi a Chimphepo Pamkeka wa Mtedza

Kasakula, Ntchisi
14 Juni 1995

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Harareko. Kuno tili bwino, mtedza tafukula, koma alongo anu, amayi anga, andiimitsa mutu.

Mukuwakumbukira a Chimphepo, aphunzitsi opuma aja, amene akazi awo anamwalira chaka chomwe tinataya abambo? Tsiku loyamba anabwera atavala tayi n'kuwatchula amayi “duwa langa”. Amayi anawauza kuti mawu a anyamata akawasiye kumsika. Ndinati zatha.

Tsiku lachiwiri anabweranso masana, opanda tayi, nakhala pamphepete pa mkeka n'kuyamba kuthandiza kutongola mtedza. Anafunsa za bondo la amayi, anatchulanso abambo mwaulemu. Kenako anati, “Inu Nabanda, Juni wa chaka chino akuzizira kwambiri kwa munthu wokhala yekha.”

Amayi, osadzutsa mutu, anati, “Mabulangete ali mbwee kusitolo.”

“Bulangete silifunsa kuti mwadzuka bwanji.”

Amalume, amayi anaseka! Mayi wa Mvano, wa zidzukulu zisanu, mpaka kubisa nkhope ndi chitenje! Powaperekeza a Chimphepo, ndinamva amayi akuti, “Mtedza wotongola ukadalipo wambiri.”

Nditawafunsa anati, “Manesi, abambo ako ndinawalira mokwanira. Si paja masiku ano aliyense akudzisankhira yekha?”

Jekete la abambo lija lachoka pamsomali, alipinda n'kuliika m'sutikesi. Dzulo a Chimphepo andifunsa kuti inu mwini mbumba mubwera liti. Ngakhale mbewu ya mtedza ya chaka chamawa yatha kale kutongoledwa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Manesi