Mkanda Woyera Umene Apongozi Akukana Kundimanga

Kalingalinga, Lusaka
Lachiwiri

Okondedwa Malume,

Muli bwanji kumeneko ku Katete? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma tulo ndilibe kuyambira Lamlungu, chifukwa cha mawu amene ndinalankhula ndi pakamwa pangapa.

Papita miyezi itatu chiikireni amuna anga a Kabaso. Amayi awo abwera kuchokera ku Kasama kudzandimasula monga mwa mwambo wa Chibemba. Akuti ndigone ndi mlamu wanga Kalumba kamodzi, kuti imfa ichoke pathupi panga ibwerere kumtundu kwawo. Mpaka zimenezo zitachitika, akuti ndine wonyamula mzimu. Amayi ena pampopi amadikira ndichoke asanatunge.

Ndiulule kulakwa kwanga. Lamlungu lija ndinaitana ba Cathrine, a m'komiti ya chilungamo kutchalitchi kwathu, kuti adzandithandize. Iwo asanayambe n'komwe, ine ndinapsa mtima. Ndinauza apongozi kuti zimenezo n'zachikunja, za anthu osaphunzira, ndipo ndikawasumira ku Victim Support kupolisi. Ndinanena ana akumva, Malume. Ndinaiwala kuti nafenso kwathu tili ndi kusasa fumbi. Apongozi sanakalipe. Anangofunsa ngati maufulu angawo ndiwo adzagoneke mwana wawo m'manda, n'kulowa m'nyumba.

Ba Cathrine anandidzudzula panjira. Anati lamulo lili kumbali yanga ndithu: kukakamiza wamasiye kugona ndi munthu ndi nkhanza, ndi mlandu. Koma anati polisi angaletse munthu kundigwira, sangaletse mayi kuopa. Anandiuza ndifotokoze maganizo a apongozi m'njira yoti eni ake atamva avomere kuti ndi momwemo. Ndinalephera. Ndinali ndisanawafunsepo n'kamodzi komwe.

Dzulo ndinapita kukagwada. Ndinapepesa, n'kufunsa chimene amaopa. Anati wamasiye wosamasulidwa amapenga, mwamuna amene angadzamukwatire amafa, ndipo tsoka limagwera adzukulu awo. Anati iwonso zinawachitikira ali mtsikana, sanazikonde, koma anapirira chifukwa cha ana. Pamenepo ndinaona kuti sakufuna kundinyoza, akuganiza kuti akundipulumutsa. Ndipo ndisaname pamaso pa Mulungu: ngakhale ndimapemphera kolona tsiku lililonse, nanenso mzimuwo ndimauopa.

Ndinawauza kuti chimene akufuna nanenso ndikuchifuna: a Kabaso agone, ana akhale bwino, ine ndimasuke. Chimene ndikukana ndi njirayo. Ndinafunsa kuti ngati mwambowo ndi wondithandiza ine, bwanji ine ndekha ndiye wosafunsidwa? Iwo anayankha kuti m'tauni aliyense amati thupi langa, thupi langa, koma maliro akagwa amafuna mtundu wonse. Apo ananena zoona, ndinavomera. Abale awo ndiwo anagona pano sabata yathunthu. Koma ndinati mtundu umene unandisunga pamaliro undisungenso pano.

Ndinatchula njira ina imene mabanja ambiri a Chibemba akutsata masiku ano: kumanga wamasiye mkanda woyera pamkono, kumupaka ufa pamphumi, akulu n'kunena mawu omumasula. Si zachizungu, n'zakwawo komweko. Kalumba naye anandinong'oneza kuti sakufuna, ali ndi mkazi wake, koma akuopa kutsutsa amayi ake.

Pali china chimene sindinauzepo wachibale aliyense. Ndimamwa ma ARV, zaka zinayi tsopano. Ndinafuna kuulula kuti nkhani ithe msanga, koma ba Cathrine anati ndisadzivule pagulu kuti ndigule chimene chili changa kale, pakuti ngakhale wopanda kachilombo ali ndi ufulu wokana. Chonde zimenezi zikhale pakati pa inu ndi ine.

Apongozi sanavomere za mkandawo, komanso sanatseke khomo. Anati nkhani yotere sakambirana ndi mpongozi amene anawatukwana. Akufuna wamkulu wa kwathu akhale nawo pamphasa, apepese m'malo mwanga, apemphe mwaulemu. Akubwerera ku Kasama Lolemba. Akapita osandimasula, anati sadzapondanso pakhomo pano, ndipo ana anga adzakula opanda abale a bambo awo.

Malume, ndilibe wina. Kugona ndi Kalumba sindingagone, ngakhale zitavuta bwanji. Kupita kupolisi ndingapite atandikakamiza, koma pamenepo ubale watha. Bwerani mudzalankhule monga mumachitira pamilandu ya kumudzi, osanyoza mwambo wawo, osandiperekanso ine. Kalatayi ndipatsira kondakitala wa basi yammawa. Imbani pafoni ya ba Cathrine imene ndalemba kuseriku pasanafike Lachisanu, ndidziwe choti ndikawauze.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achemwali anga ndi ana onse. Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Felistus