Dzanzi la M'zala ndi Makina a Anyamhone

Lachinayi, 14 Ogasiti

Lero mtima sunandikhale m'malo. Madiresi a ukwati wa ku Chikale akusoka ndi Anyamhone, telala mnzanga wa khonde loyandikana ndi langa pamsika. Ntchitoyo ikanakhala yanga, koma mwezi watha chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinkachita dzanzi mpaka singano kumandipulumuka.

Kuchipatala anati ndimapanikiza mtsempha wa pamfundo ya dzanja chifukwa chosoka nditalipinda tsiku lonse. Mpando wanga unali waufupi. Ndinauikira pilo kuti zigongono zilingane ndi tebulo la makina, manja aziwongoka, msana uzitsamira. Pakatha theka la ola ndimaimirira, n'kutambasula zala ndi kumasula mapewa. Dzanzi lachepa ndithu.

Koma ine ndikamapuma, makina a Anyamhone amangolira osalekeza, ndipo zimandiwawa.

Masana ano ndinawaona akukutumula dzanja, sizasi itagwa pansi.

"Amama, mpando wanu uja munaukonza bwanji?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndisaname, poyamba sindinafune kuwathandiza. Kenako ndinawasonyeza zonse, ndi kapumidwe komwe. Tsopano manja awo akachira azisoka kuposa kale, ndipo wowaphunzitsa ndine ndemwe. Mwina ndikanangowabisira…