Musayatse Laputopu ya Injiniya

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga Mayi, miyendo ija ikuti bwanji? Mankhwala akumwa, kapena akuwasungabe m'kabati kudikira tsiku lomwe adzadwale zenizeni? Ine kuno thupi lili bwino. Zinazo ndiye izi ndikulembazi.

Lolemba ndinakutumizirani uthenga pafoni kuti musayatse laputopu ya malemu Injiniya, inu n'kufunsa ngati ndayamba kumwa masana. Sindinayambe. Ndasankha pepala chifukwa pafoni mukanandiseka ndisanafike pakati, komanso pali zoti muchite zofunika kuti muziwerenga uku mukuchita.

Ntchito ikadali yomwe ija yowerenga makatoni kosungira katundu. Digiri ikuthandiza ndithu, ndiyo yabisa mng'alu wa pakhoma. Denga likudontha cha kumutu kwa bedi, koma eni nyumba akuti mvulayo si yawo.

Mukukumbukira gemu ya pakompyuta ija imene ine ndi mng'ono wanga Injiniyayo tinkamangamo mudzi, inu n'kumati amuna a ndevu zawo akusewera masanje. Tinamanga zaka zinayi. Tinali ndi akaunti imodzi: iye ankamanga mkati mwa sabata kumeneko, ine Loweruka ndi Lamlungu kuno, ndipo intaneti ndiyo inkanyamula ntchito yathu kuchoka pa kompyuta ya wina kupita kwa mnzake. Dziko lonselo, nyumba iliyonse ndi mtengo uliwonse, limakhala m'fayilo imodzi imene timaitcha sevu.

Chimene simukudziwa n'chakuti atayamba kudwala anasiya kumanga milatho n'kuyamba kumanga nyumba ya Mayi mu gemumo. Anamanga yeniyeniyo, ndi sitepe yosweka ya pakhonde, ndi zenera la kukhitchini lija losatsekeka. Ponseponse anakhoma tizikwangwani tolemba zachipongwe. Pampando wa Bambo analemba kuti wokhalapo adzayankha yekha. Pakhomo la chipinda chathu analemba za ine, kuti Pulofesa asagwiregwire zinthu asanafunse. Denga la kukhitchini sanamalize. Chimwalirireni ndakhala ndikulowamo Loweruka lililonse, chaka ndi miyezi iwiri, kumanga zanga kumbali, dengalo osalikhudza.

Loweruka lapitali ndinagwiragwira.

Ndifotokoze bwino kuti muone kukula kwa uchitsiru wanga. Gemuyi payokha ilibe njerwa zowotcha kapena malata. Zimenezo zimabwera ndi modi, ndiko kuti kachigamba kamene munthu wamba amapanga n'kukaika pa intaneti kuti ena awonjezere mu gemu yawo. Injiniya anaika modi ya zomangira kalekale, ndipo nyumba yonse ya Mayi inali ya njerwa za modi imeneyo. Tsono sevu silemba kuti apa pali njerwa. Imangolemba nambala, kuti apa pali 2104, apa 2104, apanso 2104. Gemu ikamatseguka imayang'ana m'mamodi kuti nambala imeneyi ndi ya chiyani, kenako n'kujambula chinthucho.

Ine ndinaona modi ina ya mitsinje yoyenda, ndipo ndinati ndiikire mng'ono wanga kamtsinje kuseri kwa nyumba, poti ankakonda milatho. Wopanga modi imeneyo anapatsa madzi ake nambala yomweyo, 2104. Sanabise. Analemba pa tsamba lake, m'zilembo zofiira, kuti modi yake sigwirizana ndi ya zomangira ija. Ine amene ndinakhoza mayeso owerenga mabuku a anthu akufa sindinawerenge mizere itatu ya munthu wamoyo. Safunsa anadya phula.

Mamodi amalowa mu gemu motsatana, ndipo awiri akalimbirana nambala imodzi, wolowa pomaliza ndiye amapambana. Yatsopano inakhala kumapeto kwa mndandanda. Gemu inandichenjeza kuti mndandanda wa mamodi wasintha, n'kufunsa ngati ndikufuna kupitiriza. Ndinadina kuvomera mmene timasainira mapepala a kuchipatala, osaona n'komwe.

Achemwali, ndinapezeka ndaima pabwalo la Mayi, masana dzuwa likuswa mtengo, makoma onse ali madzi. Anaima choncho kamphindi, nyumba yathunthu yoonekera mkati, mpaka ndinaona mpando wa Bambo kudzera pakhoma. Kenako anayamba kuyenda. Madzi a mu gemuyi amakokolola chilichonse chopepuka, ndiye zitseko, mipando ndi tizikwangwani zinazuka chimodzichimodzi ine ndikuyang'ana.

Apo n'kuti zinthu zisanaipe. Fayilo yaikulu inali isanalembedwe. Ndikanangozula kompyuta kumagetsi nthawi yomweyo n'kuchotsa modiyo, lero bwenzi ndikukulemberani za denga lodontha basi. Koma wophunzira sathawa, amafufuza. Ndinasiya gemu ili chiyakire n'kuyamba kuwerenga pafoni zimene anthu ena anachita.

Gemuyi imadzisungira yokha pa mphindi zisanu zilizonse, m'mafayilo atatu apadera, ndipo ikafika pachitatu imabwerera kukalemba pamwamba pa yoyamba. Ndinafufuza mphindi makumi anayi. Pomwe ndinkadzutsa mutu, mafayilo atatu onsewo anali atamwa madzi kawiri konse. Ndiye ndinadina kutuluka, kuiwala kuti potuluka gemu imalemba pa sevu yaikulu. Madzi anali atadzaza mudzi wonse, kompyuta ikulira ngati chigayo. Inalemba pang'ono, n'kuuma, gemu n'kudzitseka yokha. Fayilo ya mamegabaiti mazana asanu ndi atatu inatsala makilobaiti khumi ndi awiri. Zaka zinayi zinachepa kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni.

Ndinachotsa modi ya mitsinje n'kutsegula imodzi mwa mafayilo atatu aja. Nambala ija inabwerera kukhala njerwa, inde. Koma madzi anali atafalikira paliponse atanyamula nambala yawo, choncho ponse pamene anafika panasanduka njerwa. Bwalo, msewu, zipinda, zonse chimwala chimodzi chofiira. Ndinakumba mpaka pamene panali chipinda chathu. Munalibe kanthu. Chimene madzi akokolola gemu imachifufuta, sichikhalanso m'fayilo.

Lolemba ndinanyamula kompyuta kupita nayo kwa mayi wina wa makompyuta kuntchito kwathu, amene timawatcha Amawaya. Anandimvetsera osaphethira, kenako n'kufunsa kuti kope la sevuyo lili kuti. Ndinati lili pa intaneti, akaunti imasunga yokha. Anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndimasunga mano anga pagalasi loonera nkhope. Anati chimene ndinkadaliracho ndi galasi chabe: ukamwetulira limamwetulira, ukaguluka dzino nalonso laguluka. Ntchito yake ndi kufananitsa makompyuta, osati kusunga zakale. Gemu itangofa, akaunti inaona fayilo yatsopano, yophwanyikayo, n'kuikweza mokhulupirika pamwamba pa yabwino.

Anayesabe ndi pulogalamu yofukula mafayilo ofufutidwa. Sinapeze kanthu, chifukwa yanga sinafufutidwe, inalembedwa pamwamba. Ndiye anandipatsa ulaliki wonse ndili chiimire pakati pa makatoni. Anati chinthu chimene uli nacho pamalo amodzi ulibe, wangochibwereka. Makope azikhala atatu, lina pa fulashi yozula n'kuika m'dirowa, lina kunja kwa nyumba. Usanaike modi, kopera sevu kaye n'kulemba tsiku pa dzina lake. Modi yatsopano uziyesera pa dziko latsopano lopanda kanthu, osati pa nyumba ya amako. Anati ntchito yonseyo ndi ya mphindi imodzi, ndipo anafunsa ngati kuyunivesite kwathu mphindi zinkagulitsidwa.

Ndikunyamula katundu wanga anafunsa, ngati zongodutsa, ngati pali kompyuta ina imene inatsegulapo akauntiyo. Apo ndinakumbukira.

Laputopu ya Injiniya ili m'sutikesi pamwamba pa kabati ya Mayi. Chiitsekereni iye, palibe anaiyatsa. Ngati sinawonongeke, muli sevu yathu mmene anaisiyira sabata imene anagonekedwa komaliza. Zanga zimene ndamanga chimwalirireni iye mulibemo, ndipo zipite, zinali zokhota. Zake zonse zilimo.

Koma laputopu imeneyo imadziwa intaneti ya m'nyumbamo ndipo imalumikiza yokha. Ikangolumikiza, akaunti idzaona kuti pa intaneti pali fayilo ya tsiku laposachedwa, ndipo poti ya m'laputopuyo sinasinthe chiifananitsireni, sidzafunsa munthu. Idzatsitsa makilobaiti khumi ndi awiri aja n'kuwalemba pamwamba pa nyumba ya Mayi. Sizitenga nthawi yoti munthu n'kuthira tiyi. Ndipo munandiuza mwezi watha kuti alamu akufuna kupita nayo kwa wokonza akaitsuke zonse za m'katimo, azilemberamo za kushopu. Ndimawadziwa alamu anga. Chinthu chikayaka, choyamba amafuna aone ngati chikugwira intaneti.

Pempho langa ndi limodzi. Zimitsani kabokosi ka intaneti, muzule kukhoma, ndipo aliyense m'nyumbamo atseke kugawa intaneti pafoni. Mukatero ikani laputopu pachaja, batire linafa kalekale, n'kuyatsa. Mawu achinsinsi ali pa kapepala komata kunsi kwake, chifukwa katswiri wathuyo chitetezo chake chinali chimenecho. Gemuyo musaitsegule. Pitani pa foda ya zikalata, mupeza foda ya dzina la gemuyo, ili ndi chithunzi cha fosholo. Koperani yonse, sevu ndi mamodi ndi mndandanda wake, pa mafulashi awiri amene ndaika mu envulopu muno. Mukopere, musasamutse. Muone kuti kukula kwake kwapitirira mamegabaiti mazana asanu ndi awiri. Fulashi imodzi munditumizire, inayo muike m'chitini cha mabatani cha Mayi, mmene simulowa dzanja la munthu. Zikatha apo alamu aitsuke mpaka iwale.

Mayi musawauze. Pamaliro paja ndinawaonetsa chithunzi cha nyumbayo pafoni, ndipo anakhala nacho nthawi yaitali, n'kunena kuti mwanayo anakumbukira ndi sitepe yomwe. Anati ndikadzabwera ndidzawayendetse m'katimo, aone chipinda chilichonse chimene anamanga. Ndinalonjeza. Nthawi iliyonse ndikaimba amafunsa ngati nyumba ya mwana wawo ikadalipo, ndipo Lamlungu ndinawayankha kuti ilipo.

Mwina laputopuyo siyakanso. Amawaya akuti chaka ndi miyezi iwiri m'sutikesi si masewera, ndisayembekeze kwambiri. Ikakana, mundiuze mosazungulira, ndidzapeza pakamwa pouzira Mayi ndekha. Ikayaka, ndikungofuna ndikaimenso pakhomo la chipinda chathu ndiwerenge kachikwangwani kaja. Ulendo uno ndamva.

Mundiperekere moni kwa Mayi, muwauze amwe mankhwala. Moni kwa alamu, muwauze kuti sindikuwakayikira, ndikungowadziwa. Moni kwa ana, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati ayambanso kutiyankhula.

Ndine mlongo wanu wogwiragwira,
Pulofesa