Jakisoni wa Saidi

Lolemba. Mutu wanga sunakhazikike.

Tinapita ndi mwana wathu Saidi kuchipatala kukabayitsa jakisoni wachiwiri chimulumireni galu. Bambo ake anamupana miyendo, akumuuza kuti sizipweteka.

Anesi anati, “Bambo, musamunamize, ulendo wina adzakana kubwera. Muuzeni kuti zipweteka pang'ono. Akhale pamiyendo panu, mumukumbatire, aziuzira mpweya ngati akuziziritsa tiyi.”

Bambo akewo anati, “Koma singanoyo yatalikatu, asisitala.”

“Akubayidwa ndinu? Mwanayu akuona mantha pankhope panupo. Yang'anani kukhoma.”

Saidi analira pang'ono, kenaka anapempha mandasi. Bambo ake anatuluka thukuta lili kamukamu, munthu amene amadzizula yekha mbedza pachala. Sindikumvetsa.

Bambo akewo akuti Lachisanu ndimuperekeze ndine. Sindinawauze kuti singano ndimaiopa kuposa iwo. Nanga Saidi akadzandiyang'ana?