Magazi Anga a Gulu A

14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutani. Bambo aang'ono anakuimbirani kale kuti mng'ono wanu wachira, mwana wamkazi. Sananame, koma anadumpha pakati, ndipo pakatipo ndi pamene pali ine. Pa foni sindingathe, ndiye ndalemba.

Amayi aang'ono anachira m'mawa, koma magazi sanasiye kutuluka. Anamwino anati chiberekero chinakana kubwerera m'malo chifukwa kachidutswa ka nsengwa kanatsalira. Anakachotsa, anawabaya mankhwala, magazi n'kuima, koma anali atataya ambiri. Nditawasuzumira pakhomo la wodi, milomo yawo inali mbuu ngati phulusa. Munthu uja amene amandikalipira kuyambira kuseri kwa nyumba analephera ngakhale kunditchula dzina. Thumba limodzi la magazi anali atawaika kale, koma adokotala anati lachiwiri likufunika dzuwa lisanapendeke.

Bambo aang'ono anapinda malaya ngati akukamenyana ndi munthu, koma atawayeza anawabweza chifukwa BP inali itakwera. Ndiye maso onse anagwera ine, Nsungwi wanu, amene mumati mphepo ikhoza kundiulutsa.

Amayi, ndinakumbukira mawu anu. Tsiku lomwe ndinkanyamuka kudzaphunzira umakaniko munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Usamapereke magazi ako kuti aziyeza, wamva?" Simunanene chifukwa, inenso sindinafunse. Koma sindine mwana. Ndinaona momwe bambo anawondera asanatisiye, ndipo matenda awo sitinawatchulepo m'nyumba mwathu. Ndimaonanso momwe mumandiyang'anira ndikangotsokomola. Ndakula ndikuganiza kuti mwina ndinabadwa nako kachilombo, ndipo ndinkati bola osadziwa.

Anandilowetsa m'kachipinda kopanda windo, kokhala ndi bedi, sikelo ndi filiji yongolira. Bambo wa ku labu, wadazi, wosadziwa kufulumira, anatseka chitseko. Anandikweza pa sikelo n'kuti ndapitirira makilo makumi asanu mwa mwayi chabe. Anandibaya chala kuti aone ngati magazi anga ndi okwanira kugawako. Kenako mafunso: kudwala posachedwa, mankhwala, zibwenzi, mpaka ndinayang'ana pansi. Anafotokozanso kuti magaziwo adzayezedwa HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi amitundu iwiri, ndipo akapezeka ndi vuto amatayidwa. Chitseko chinali pompo, chosakhoma, koma kuseri kwake kunali bambo aang'ono atagwira mutu. Ndikanatuluka n'kuwauza chiyani? Ndinavomera.

"Wadya?" anafunsa bamboyo.

"Ayi, ndimayesa kuchipatala amafuna munthu wosadya."

"Amenewo ndi a opaleshoni. Iwe ukapereka ndi njala utigwera pansi pano. Idya."

Anandipatsa buledi ndi madzi makapu awiri. Sindinadyepo chakudya chowawa chotero. Amayi aang'ono akuzilala uko, ine ndili kalikiliki kutafuna.

Ndikutafuna choncho, iye anadontheza magazi anga pa kagalasi, nasakaniza ndi timadzi tamitundu. Dontho limodzi linachita timibulu. Anati, "Ndiwe wa gulu A. Amayi akowo ndi a gulu O. Ako sangawalandire, akhoza kuwapha."

Mutu unaima. Ndinati, "Koma ndi m'bale wawo wa mayi anga, bere limodzi!"

"Chibale n'china, gulu n'lina," anatero. Anatsegula filiji. Munali thumba limodzi lokha, lolembedwa O. "Ili tasungira kamtsikana kena ku wodi ya ana, nakonso magazi akathera. Ndi ka gulu A ngati iwe, koma A watithera, ndipo wa A amatha kulandira O. Wa O yekha ndiye salandira ena koma a O anzake. Ako akakhala abwino apita kwa mwanayo, ili lipita kwa amayi ako."

"Nanga akapanda kukhala abwino?"

"Ndiye thumba ndi limodzi, odwala awiri. Titumiza uthenga kwina, koma sindikulonjeza kuti afika lero. Gona apa."

Anandimanga lamba pamkono, anapukuta ndi mankhwala ozizira, n'kulowetsa singano yatsopano imene anaitsegula ndikuona. Ndi yonenepa, Amayi, sindikunama, koma inangoluma polowa basi. Anandipatsa kampira kuti ndizifinya. Magazi anatsika m'kapaipi kupita m'thumba lomwe linali pa kasikelo kogwedezeka, kuti asakanikirane ndi mankhwala oletsa kuundana. Sindinkadziwa kuti magazi a munthu ndi akuda chonchija. Mphindi ngati khumi thumba linadzadza, pafupifupi theka la lita. Anathira ena m'timabotolo toyezera, anandimata pulasitala, anandipatsa chakumwa chotsekemera, n'kundiletsa kudzuka.

Kupereka sikunali kovuta. Chovuta chinali kudikira. Anatenga timabotolo tija kupita nato chipinda china, ine n'kutsala ndi filiji. Ndinkangoiyang'ana. Ndinkaganiza kuti akabwera atagwetsa nkhope, ndiye kuti chinthu chimene takhala tikuchithawa m'banja mwathu chapha mng'ono wanu, kapena mwana wa eni wosalakwa. Ndinachita mantha osati masewera. Ndinakukwiyiraninso, mundikhululukire, chifukwa tikanadziwa kale sindikanakhala pamenepo ngati mbuzi yomangidwa. Bambo aang'ono anagogoda kawiri kufunsa ngati zatheka.

Litadutsa ola, bambo uja analowa, osandiyang'ana n'komwe. Anatsegula filiji, anatulutsa thumba la O, lomwe anali atalifananitsa kale ndi magazi a amayi aang'ono, n'kupatsa namwino amene anali pakhomo. Namwinoyo anathamanga nalo. Pamenepo ndinadziwa. Kenako anakhala pampando n'kundiuza bwinobwino kuti zonse zinayi palibe, ndipo magazi anga agwirizana ndi a kamtsikana kaja. Ndinalira ngati mwana. Iye anayesa ndi chizungulire, anayamba kundikweza miyendo.

Madzulo amayi aang'ono anatsegula maso. Mawu awo oyamba kwa ine anali akuti, "Iwe Nsungwi, kuntchito watsanzika?" Apo ndinadziwa kuti abwerera. Panopa akuuza aliyense kuti akuyendera magazi anga, ndipo ati n'chifukwa chake ayamba ulesi. Ndawafotokozera katatu za A ndi O, koma sakumva. Kamtsikana kaja sindinakaone, ndipo sikadziwa kuti ndilipo. Tsiku limenelo anandiletsa kunyamula zolemera, koma m'mawa mwake ndinali pansi pa galimoto ngati kale. Ati ndikhoza kudzaperekanso pakatha miyezi itatu.

Ndaphwanya lamulo lanu, Amayi, ndipo sindipepesa. Tsopano mukhoza kusiya kuwerenga chifuwa changa. Koma mtima wanga ndiye watsala m'kachipinda kaja, chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha amene munkandiopera. Zaka zonsezi mwasenza nokha, ndipo mwendo ukamapweteka mumagula mankhwala pagolosale kuopa kuti kuchipatala akubayani chala. Mankhwala alipo masiku ano, anthu akukalamba nawo. Mwezi ukatha ndikubwera, tikapitire limodzi kuchipatala. Mukalowa, ine ndikhala pakhomo, sindichoka.

Amayi aang'ono akupereka moni, ati mubwere mudzaone mwana wanu watsopano. Sanamutche dzina, ati akudikira inu mudzamutche. Moni kwa achemwali ndi ana. Ndikupempha musayankhe kalatayi ndi nkhani za mvula.

Ndine mwana wanu,
Nsungwi