Trywell Wandiphera Sewero la Njinga

Chadiza
14 Julaye 1996

Okondedwa akulu anga a Selina,

Ndiyambe ndi dzina la mlongo wanu Trywell, kuti mudziwiretu amene wandilembetsa kalatayi. Muli bwanji ku Kitweko pamodzi ndi alamu? Kuno amayi ali bwino, chifuwa chija chinatha. Wodwala mtima ndine.

Kusukulu kunali mpikisano wa maluso, ndipo opambana amapita kukaonetsa ku Chipata. Ine ndili giredi 12, mwayi wina ndilibe. Ndinalemba sewero loseketsa la mphindi zisanu, masabata atatu ndikufufuta ndi kulembanso.

Nkhani yake ndi iyi. Bernado, munthu wosatha kukana, akuchoka ku Zemba pa njinga kupita ku boma. Poyamba mayi wina amupempha kuti amutengereko nkhuku, iye n’kuyankha kuti malo alipo. Pamenepo anthu amangofunika kumudziwa, osati kufa ndi phwete. Kenaka thumba la nsawawa, malo alipo. Kenaka mbuzi, malo alipo. Katundu aliyense aposa mnzake, kuseka nako kuzikwera.

Pomaliza atulukira apongozi ake aakazi, atatopa. Mkamwini sangawakanize, komanso sangakhale nawo mogundana. Ndiye atsika, awapatsa njinga, n’kugwada patali. Apongozi akwera, amucheukira, n’kunena kuti malo palibe. Atangochoka, Bernado agwa chagada. Sewero lithere pomwepo, osawonjezera liwu.

Philomena wa m’kalasi mwathu anatenga mbali ya apongozi. Ya Bernado ndinapatsa Trywell, poti amayi anandichonderera. Ndinamuuza kakhumi kuti kugwa n’kumodzi, ndipo n’kwa kumapeto.

Tsikulo, atangolandira nkhuku, anaona atsikana a kutsogolo ali duu, n’kudzigwetsa ndi njinga yomwe. Holo yonse inaseka, sindikana. Pa nsawawa anagwanso, anaseka ochepa. Pa mbuzi anagwanso, ndinamva munthu akuyasamula. Philomena atanena mawu omaliza aja, Trywell anali kale pansi akupalasa miyendo m’mwamba, ndipo palibe anawamva. Belu lotha nthawi linalira tisanachoke pabwalo. Tinakhala achisanu.

Ndipo iye akuyenda pamsika akudzitama kuti akanapanda kugwa anthu akanagona. Amayi akuti ndimukhululukire poti ndi mwana. Mwana wanji wometa ndevu?

Ndiulule musanamve kwa ena. Lolemba ndinachotsa mavalavu a mpweya a matayala a njinga yake onse awiri n’kuwaponya m’chimbudzi. Anayenda wapansi mpaka ku Pembamoyo. Sindinalape.

Pempho langa nali. Amayi akulemberani kuti mutiyanjanitse. Chonde musayerekeze. Kope la sewero ndaliika m’kalata muno, muwerengere alamu mokweza, muime pomwe ndaika mzere, mundiuze ngati sanaseke.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kamwana kanu ka Elia. Za Trywell ndathera pano, ndipo simudzandimvanso ndikuzitchula.

Ndine mng’ono wanu,
Chiyanjano