Kope Lomwe Alamu Sanalipeze

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo wa amayi unaphwa? Ine m'thupi ndilibe vuto, koma mtima ukuwira, ndipo mwauwiritsa ndinu.

Mukudziwa kuti kuno kwa achimwene ndimagona m'chipinda chopanda loko, momwenso akazi awo amasungiramo ziwiya. Kope lomwe ndimalembamo zakukhosi ndinkalibisa m'pilo. Nditayamba kukayika, ndinkaika kaulusi kakuda pakati pa masamba ndisanapite kosoka. Katatu konse ndinakapeza pansi. Nditafunsa, alamuwo anati alibe nthawi yowerenga zopusa za telala.

Ndiye ndinagula kope lina. Lenilenilo ndinalisokera kathumba mkati mwa chikwama cha kuntchito, ndipo sindisiyana nacho ngakhale popita kubafa. M'pilo ndinasiya lanyambo, momwe ndinalemba bodza loti ndili ndi pakati pa abwana anga. Ndinkafuna ndione komwe nkhaniyo ikatulukire.

Inatulukira pakamwa panu. Alamu atakuimbirani, simunandifunse n'komwe, munathamangira kwa amayi ndi kwa makolo a bwenzi langa. Lero ukwati wanga auimitsa. Ndikati linali bodza, onse akuti dzanja ndi langa. Kupusa kwanga ndikukuvomera, msampha unakola mwini wake. Koma inu, mwana wa mayi anga, munamva kukoma kotani poyenda nayo khomo ndi khomo?

Umboni ndili nawo. Tsiku lomwe ndinatchera msamphawo ndinalemba zonse m'kope lenileni, deti lake pamwamba, ndipo masiku ena akutsatira m'munsi, moti palibe anganene kuti ndalemba dzulo. Chandimanga manja ndi kuseri kwa tsamba lomwelo. Nthawi zonse anthu ndimawalemba ndi chilembo chimodzi, zoopsa ndimasiya m'mutu. Koma tsiku lomwe munandiuza mukulira za bambo ake enieni a mwana wanu wachiwiri, zinandilemera, ndinalemba mayina onse poyera kuseri komweko. Ngakhale ndifute ndi inki sizithandiza, ndimadinikiza cholembera ndipo zilembo zimaonekera mbali inayo. Ndikalimata, adzati ndikubisa mimba yomweyo.

Mwezi wathunthu ndanyozedwa, tsamba limeneli lili m'chikwama, chifukwa chosunga inu. Ndatopa.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwerere momwe munadutsamo, mukanene kuti munafalitsa zomwe simunazione, ndipo mukawauze alamu avomere kuti ankandifufuza m'pilo. Mukapanda kutero mwezi uno usanathe, ndibwera nalo kopelo ndidzalipereke m'manja mwa amayi. Mukuwadziwa, akagwira pepala amaliwerenga mbali zonse.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume ndi ana onse. Kwa amuna anu musavutike, mwina ndidzawapatsa ndekha.

Ndine mng'ono wanu,
Telala uja.